Kufupikitsa zikalata zingapo pa nkhani imodzi: pomwe zagwirizana, pomwe zasiyana, ndi chimene chanena chiyani

Kodi ndi anthu angati amene anafa sitima ya Titanic itamira pa 15 Epulo 1912? Komiti ya aphungu a Seneti ya ku Amereka inafufuza ngoziyi n'kunena kuti 1,517. Bwalo lomwe boma la Mangalande linakhazikitsa linafufuzanso n'kunena kuti 1,490. Malipoti onse awiri ndi a boma, onse anatuluka chaka chomwecho, ndipo mboni zina zinaperekera umboni kuwiri konse. Munthu amene wapatsidwa malipotiwa kuti awafupikitse pa tsamba limodzi alemba nambala iti?

Vutoli silili pa Titanic pokha. Limapezeka paliponse pamene zikalata ziwiri kapena zingapo zikukamba nkhani imodzi: malipoti a ngozi, zotsatira za kafukufuku wa mankhwala, umboni wa m'khoti, nkhani za manyuzipepala osiyanasiyana. Malipoti a Titanic ndi abwino kuphunzirirapo chifukwa aliyense angathe kuwawerenga, ndiponso chifukwa patapita zaka 73 sitimayo inapezeka pansi pa nyanja, n'kuonetsa pomwe olembawo analondola ndi pomwe anaphonya.

Kusakaniza n'kosiyana ndi kuika pambali pa chinzake

Pali njira ziwiri zochitira ndi zikalata zokamba nkhani imodzi, ndipo zonse n'zakale. Cha m'ma 170, mlembi wachikhristu Tatiyani anatenga mabuku anayi a Uthenga Wabwino n'kuwaluka kukhala nkhani imodzi yotsatana bwino. Inkawerengeka mokoma, koma wowerenga sakanadziwa kuti mawu awa ndi a Mateyu, awa ndi a Luka, kapena kuti pena pake Maliko sananenepo kanthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 300, Eusebiyo wa ku Kaisareya anachita zina. Anasiya mabuku anayiwo mmene analili, ndime zake zili ndi manambala, ndipo anakonza matebulo 10. Tebulo loyamba linkaonetsa ndime zopezeka m'mabuku onse anayi, otsatira ndime zopezeka m'mabuku atatu kapena awiri, ndipo lomaliza ndime zimene buku limodzi lokha lili nazo.

Chidule chimene tikukamba pano ndi cha mtundu wachiwiriwu. Tingachiyerekeze ndi mlembi wa pamsonkhano amene salemba kuti "anthu anati", koma amalemba kuti onse anavomereza mfundo yakuti, awiri anakana mfundo inayo, ndipo amene anakanawo ndi uje ndi uje pa zifukwa zakuti. Wowerenga akamaliza, azitha kuloza chiganizo chilichonse n'kudziwa chikalata chomwe chachokera.

Pali njira yachitatu imene ambiri amagwamo osadziwa: kufupikitsa chikalata choyamba, kenako chachiwiri, kenako chachitatu, ndime ndi ndime. Zotuluka zake ndi zidule zitatu zosanjikizana, ndipo ntchito yeniyeni, yofananitsa, yasiyidwa m'manja mwa wowerenga. Chizindikiro chake n'chakuti ndime iliyonse imayamba ndi dzina la chikalata m'malo moyamba ndi funso kapena mfundo.

Tebulo la mafunso

Musanalembe chiganizo n'chimodzi chomwe, konzani tebulo. Mizere yopita pansi ikhale mafunso, ndipo chikalata chilichonse chikhale ndi danga lakelake. Mafunso akhale ang'onoang'ono, oti chikalata chingayankhe ndi nambala kapena chiganizo chimodzi. Funso lakuti "chinachitika n'chiyani?" ndi lalikulu kwambiri, lakuti "munali anthu angati?" kapena "sitima ina yomwe inali pafupi inali kutali bwanji?" ndilo lothandiza. Pa zikalata ziwiri mpaka zisanu, mafunso 8 mpaka 12 amakwanira nthawi zambiri. Akachuluka kwambiri, ndiye kuti mutu wa nkhani sunadulidwe bwino.

Pamwamba pa danga lililonse lembani amene analemba chikalatacho, tsiku lake, amene anamutuma, ndi umboni umene anaona. Pa chitsanzo chathu, lipoti la ku Amereka linatsogoleredwa ndi phungu William Alden Smith, amene anayamba kufunsa mboni pa 19 Epulo ku New York, opulumuka atangofika kumene, ndipo linaperekedwa pa 28 Meyi. La ku Mangalande linatsogoleredwa ndi woweruza Mersey, linayamba pa 2 Meyi, linamva umboni masiku 36, ndipo linatuluka pa 30 Julaye. Choncho loyamba linamva anthu zinthu zisanazirale m'maganizo mwawo, pomwe lachiwiri linali ndi nthawi yambiri komanso akatswiri a kamangidwe ka sitima.

| Funso | Lipoti la ku Amereka | Lipoti la ku Mangalande |
|---|---|---|
| Onse amene anali m'sitima | 2,223 | 2,201 |
| Apaulendo | 1,324 | 1,316 |
| Ogwira ntchito | 899 | 885 |
| Opulumuka | 706 | 711 |
| Omwalira | 1,517 | 1,490 |
| Kodi sitima inathyoka pakati? | Mboni zinasiyana, koma umboni wambiri ukuti inamira yathunthu | Sinathyoke |

M'kabokosi kalikonse lembaninso tsamba kapena ndime yomwe yankho lachokera, chifukwa mudzafunika kubwererako. Ndipo pamene chikalata sichinayankhe funso, lembani kuti "sichinanene". Musasiye malo opanda kanthu, chifukwa tsiku lolemba chidule mudzawaona ngati kuvomereza kapena kukana. Kukhala chete si kuvomereza, si kutsutsanso ayi. Ndi yankho lachitatu, lofunika kulembedwa palokha.

Kusiyana kwenikweni ndi kusiyana kwa pamaso chabe

Si manambala onse osiyana amene akutsutsana. Lipoti la ku Amereka limati sitima inamira 12:47 usiku, la ku Mangalande limati 2:20. Wowerenga mothamanga angalembe kuti malipoti asiyana ndi ola limodzi ndi mphindi 33. Koma loyambalo likutchula nthawi ya ku New York, lachiwiri nthawi imene mawotchi a m'sitima ankaonetsa. Ndi nthawi imodzi yomweyo, yoyezedwa ndi mawotchi awiri, monga mtunda umodzi umene wina waunena m'makilomita, wina m'mamailosi. Musananene kuti zikalata zasiyana, onani zinthu zinayi: muyeso womwe wagwiritsidwa ntchito, nthawi yomwe ikukambidwa, gulu la anthu kapena zinthu zomwe zawerengedwa, ndi tanthauzo lomwe chikalata chilichonse chapereka ku mawu aakulu. Mawu ngati "ovulala", "osauka" kapena "ochira" kawirikawiri amakhala ndi malire osiyana m'zikalata zosiyana.

Kusiyana kwa 1,517 ndi 1,490 ndiko kwenikweni, koma nakonso kumamveka mukakuphwanya. Nambala ya omwalira ndi chotsala mukachotsa opulumuka pa onse amene anali m'sitima. Lipoti la ku Amereka lili ndi anthu 22 ochulukirapo m'sitima, 14 mwa iwo ogwira ntchito ndipo 8 apaulendo, komanso lili ndi opulumuka 5 ocheperapo. Mukaphatikiza 22 ndi 5 mupeza 27, ndipo ndi momwemo mmene 1,517 imaposera 1,490. Ndiye kuti gawo lalikulu la mkanganowu silili pa zimene zinachitika usiku uja, koma pa ndandanda za mayina a amene anakwera. Chidule chimene chafotokoza zimenezi chathandiza wowerenga kuposa chongoti "manambala amasiyana".

Chimene simuyenera kuchita ndi kutenga nambala yapakati. Kuphatikiza 1,517 ndi 1,490 n'kugawa pawiri kumapereka nambala imene palibe lipoti pa awiriwa lomwe linainena, ndipo palibe ndandanda ya mayina yomwe ikuikira kumbuyo. Kuphatikiza manambala a zikalata zosiyana ndi luso lakelake. Katswiri wa masamu Karl Pearson anakuyesa mu 1904 pa zotsatira za katemera wa tayifodi pakati pa asilikali, ndipo masiku ano kuli ndi malamulo ake okhwima okhudza kufanana kwa zimene zinayezedwa ndi kukula kwa kafukufuku aliyense. Wolemba chidule wamba angoti "pakati pa 1,490 ndi 1,517", n'kutchula mwini wa nambala iliyonse.

Palinso kusiyana kwa mtundu wina, kumene zikalata zimagwirizana pa zimene zinachitika koma n'kusiyana pa chiweruzo. Malipoti onse awiri amavomereza kuti sitima inalandira machenjezo a madzi oundana koma sinachepetse liwiro mpaka inagunda phiri la madzi oundanawo. La ku Amereka limandandalika zimene sizinachitike: akuluakulu a sitima sanakhale pansi kukambirana machenjezowo, liwiro silinatsitsidwe, alonda oyang'ana kutsogolo sanawonjezeredwe. La ku Mangalande limati liwiro lopitirira muyeso ndilo linachititsa ngozi, ndipo kaputeni analakwitsa kwambiri, koma silimutcha wosasamala, chifukwa ankatsata zimene oyendetsa sitima pa njirayo anazolowera kwa zaka zambiri. Limawonjezera kuti wina akadzachita zomwezo m'tsogolo, kudzakhala kusasamala. Apa chidule chiyenera kulekanitsa magawo awiriwo: pa zochitika agwirizana, pa mlandu asiyana. Kuwaphatikiza m'chiganizo chimodzi n'kumene kumabala mawu onama akuti "malipoti onse anapeza kaputeni wolakwa" kapena akuti "malipoti sanagwirizane pa chimene chinachititsa ngozi".

Kugwirizana kuli ndi kulemera kosiyana

Gawo ili ndilo lonyenga kwambiri, chifukwa pamene zikalata zagwirizana mtima umakhala pansi ndipo munthu amaleka kufunsa. Akatswiri ofananitsa mipukutu yakale yolembedwa pamanja anazindikira kalekale, makamaka m'zaka za m'ma 1800, kuti mipukutu khumi yokopedwa ku mpukutu umodzi ndi mboni imodzi, osati khumi. Njira yawo yodziwira inali kuyang'ana zolakwika zofanana. Mphunzitsi aliyense amaidziwa njirayi: ana awiri akapeza yankho lolondola, sizikuonetsa kanthu, koma akalakwitsa pamalo amodzi, mwa njira imodzi, ndiye kuti wina waonera mnzake kapena onse aonera kumodzi.

Malipoti a Titanic anagwirizana kuti sitima inamira osathyoka pakati. Opulumuka angapo ananena kuti anaiona ikuthyoka, koma Charles Lightoller, mkulu wa ogwira ntchito onse amene anapulumuka, anati inamira yathunthu, ndipo anaperekera umboni kuwiri konse. Pa 1 Sepitembala 1985 gulu la ofufuza a ku Amereka ndi ku Falansa linapeza sitimayo pansi pa nyanja, ndipo zinaoneka kuti ili m'zigawo ziwiri zazikulu zotalikirana. Malipoti awiri a maboma awiri anagwirizana, ndipo onse anaphonya. Pa funso limeneli sanali mboni ziwiri zoima pazokha, chifukwa anamwa pachitsime chimodzi.

Choncho pa mfundo iliyonse yomwe zikalata zagwirizana, funsani kuti chilichonse chaidziwa bwanji. Onani magwero amene chatchula. Onani ngati ziganizo zikufanana mawu ndi mawu, kapena ngati nambala yolembedwa molakwika yabwerezedwa momwemo. Onani masiku: chikalata chotuluka pambuyo chingathe kukhala chikungobwereza choyamba. Pa nkhani za m'manyuzipepala zimenezi n'zofala, chifukwa nyuzipepala zisanu zingathe kukhala zonse zatenga ku uthenga umodzi wa bungwe lofalitsa nkhani kapena ku chikalata chimodzi chopita kwa atolankhani. Zikatero lembani poyera kuti "zikalata zisanu zanena izi, koma zonse zikutchula gwero limodzi".

Onaninso mphamvu ya mawu. M'tebulo lija, mayankho awiri a funso lomaliza akuloza kumodzi koma sali ofanana. Lipoti la ku Amereka linavomereza kuti mboni zinasiyana ndipo linangotsata mbali imene linaona kuti ili ndi umboni wambiri. La ku Mangalande linanena mosapita m'mbali. Chidule chongoti "onse anati sinathyoke" chataya chinthu chimene mu 1985 chinadzakhala chofunika koposa, chakuti panali mboni zimene zinaona zoona koma sizinamvedwe.

Kugwirizana kolemera kumaoneka mosiyana. Kuti sitimayo inali ndi mabwato opulumukirapo 20, okwana anthu 1,178, n'zimene sizidalira kukumbukira kwa munthu amene anali m'madzi ozizira usiku. Zinalembedwa m'mapepala a sitima isananyamuke. Mfundo yotereyi ingalembedwe popanda chenjezo.

Ndani wanena, ndipo wanena pati

Kutchula gwero sikungolemba dzina la dziko kapena la bungwe. Tsiku lomwe lipoti la ku Amereka linaperekedwa, phungu Smith analankhulanso mu Seneti, ndipo mawu okhwima kwambiri odzudzula kaputeni komanso bungwe la boma la Mangalande loyang'anira malamulo a sitima ali m'zolankhulazo. Zolankhula za wapampando ndi lipoti la komiti ndi zikalata ziwiri. Chimodzi ndi maganizo a munthu mmodzi, china ndi zimene komiti inavomereza. Amene walemba kuti "lipoti la ku Amereka linati" pa mawu a m'zolankhula waika mawu m'kamwa mwa komiti yonse. Chimodzimodzi, umboni wa mboni wosindikizidwa pamodzi ndi lipoti si chigamulo cha lipotilo.

Mayina nawonso amasokoneza. Pa nkhaniyi pali a Smith awiri, phungu wofufuza ndi kaputeni Edward Smith wa Titanic. Patsani chikalata chilichonse ndi munthu aliyense dzina limodzi lalifupi pachiyambi, ndipo musalisinthe mpaka kumapeto, ngakhale kubwerezako kuoneke kotopetsa.

Mawu osonyeza kulankhula akhale opanda mbali. "Lipoti likuti" ndi "lipoti linapeza" ali bwino. Koma mukalemba kuti lina "linatsimikizira" pomwe linzake "linangoganiza" kapena "linakakamira", mwaweruza kale mlandu wowerenga asanaone umboni. Njira yodziyesera ndi kusinthanitsa mawuwo pakati pa zikalata ziwirizo. Tanthauzo la ndime likasintha, ndiye kuti mawuwo anali ndi mbali.

Taonani funso la sitima ya Californian, imene inaima usiku umenewo chifukwa cha madzi oundana ndipo ogwira ntchito ake anaona zizindikiro zowala zikuponyedwa m'mwamba. Chidule chosakaniza chingati: "Californian inali pa mtunda wa mamailosi pafupifupi 10 ndipo sinapite kukathandiza." Chiganizochi n'chosalala, koma wowerenga sangadziwe kuti nambalayo ndi ya lipoti limodzi lokha. Cholembedwa bwino chingakhale chotere:

"Malipoti onse awiri a mu 1912 amagwirizana kuti a mu Californian anaona zizindikiro za Titanic ndipo sanachitepo kanthu moyenera. Pa mtunda, kaputeni wake Stanley Lord anati anali pa mamailosi oposa 19. Lipoti la ku Amereka likuti anali pafupi kuposa pamenepo, koma silitchula nambala yakeyake pa chigamulocho. La ku Mangalande likuti sanapitirire mamailosi 8 mpaka 10. Boma la Mangalande litaunikanso nkhaniyi mu 1992, malo enieni a sitima yomira atadziwika, lipoti latsopano linasunga chigamulo chakuti zizindikiro zinaoneka ndipo sizinatsatidwe, koma ofufuza ake awiri anasiyana: wina anati sitima zinali pafupi moti zinkaonana, wina anati zinatalikirana mamailosi 17 mpaka 20."

Ndimeyi yayamba ndi pomwe onse agwirizana, yapita pomwe asiyana, nambala iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo pomwe chikalata chakhala chete zanenedwa. Yaonetsanso kuti chikalata chimodzi chingathe kukhala ndi mawu awiri mkati mwake, ndipo zikatero chimafunika madanga awiri m'tebulo. Mukamaliza kulemba, bwererani pa chiganizo chilichonse n'kuloza kabokosi ka m'tebulo komwe chachokera. Chiganizo chopanda kabokosi ndi maganizo anu. Chichotseni kapena chilembeni poyera kuti ndi chanu.

Mafunso amene akadalipo

Anthu odziwa ntchitoyi sagwirizana pa zonse. Funso loyamba ndi lakuti wolemba chidule ali ndi ufulu wotani wouza wowerenga chikalata chimene chili ndi umboni wamphamvu. Ena amati ntchito yake ndi kusanja basi, chiweruzo n'cha wowerenga. Ena amati kupereka malo ofanana kwa mfundo ya umboni wochuluka ndi ya umboni wochepa n'kusocheretsa, ngakhale dzina lililonse litatchulidwa molondola. Pa kuthyoka kwa Titanic, wolemba wa mu 1912 amene akanatsata kulemera kwa umboni monga mabwalo awiri aja anauonera akanaphonya, pomwe wongosanja mboni zonse akanasunga zoona. Koma pa nkhani zina wongosanja ndi amene amapatsa bodza mpando.

Lachiwiri ndi la zikalata zimene zalowa m'chidule. Pa ngoziyi, kodi makalata ndi nkhani zimene opulumuka analemba okha zikhale ndi danga pambali pa malipoti a boma? Ochita kafukufuku wa zachipatala amalemba malamulo osankhira zikalata asanayambe kuwerenga, kuti asasankhe zowakomera, koma malamulowo amalembedwanso ndi munthu, ndipo zimene sizinasindikizidwe n'komwe sizioneka m'tebulo lililonse.

Lachitatu ndi la nthawi. Chikalata chatsopano chikatsutsa chakale, kodi chakalecho chichoke, kapena chikhalebe monga umboni wa zimene anthu ankadziwa pa nthawi imene ankapanga zigamulo zawo? Lipoti la mu 1992 linali ndi malo enieni a sitima yomira, amene a mu 1912 analibe, koma linalibe mwayi wofunsa mboni maso ndi maso monga iwo. Ndipo pamene zikalata zili mazana osati zitatu, palibe tebulo limene wowerenga angalimalize, choncho wolemba amayamba kuziika m'magulu n'kumati "zambiri zikuti", "zochepa zikuti". Malire a pomwe kuika m'magulu kumayamba kubisa amene wanena chiyani sanagwirizanidwebe.